Monita ikuti 78%, inveta ikuti 11.9V: ndikhulupirire iti?

"Ndili ku Thyolo. Ndili ndi batire la jelo la 12V, 200Ah, lomwe latha zaka ziwiri ndi theka, mapanelo awiri a 200W, ndi inveta yoyendetsa firiji, wayilesi yakanema ndi mababu. Chaka chatha mwana wanga ananditumizira SmartShunt kuchokera ku Joni, mmisiri n'kudzaiika. Mu Julayi muno ndikadzuka cha m'ma 5 koloko, pa foni pamaoneka 78% koma inveta imaonetsa 11.9V firiji ikuyenda, nthawi zina n'kumalira. Ikamakwana 10 koloko m'mawa monita imakhala yafika kale pa 100%. Mababu awiri a panja a 10W mmisiri anawalumikiza pa batire penipeni. Chikunama n'chiti?"

Bambo, zonse ziwiri zikunama, koma bodza la monita ndilo lalikulu. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi, batire lanu m'bandakucha likumakhala pakati pa 35% ndi 40%. Monitayo, SmartShunt ija yowerengera moto wolowa ndi wotuluka m'batire n'kumaonetsa peresenti pa foni, sinaonongeke ayi, musathamangire kuitaya. Ikuwerengera bwinobwino, kungoti manambala omwe inapatsidwa ndi olakwika.

Tiyambe ndi volteji, chifukwa ndiyo aliyense ali nayo. M'batire la mtovu la 12V, kaya lamadzi kaya la jelo, muli tizipinda 6. Batire likamagwira ntchito, asidi amalowa m'mapuleti n'kusanduka salufeti, ndiye madzi otsala amanka nasuluka. Mukalitchaja, asidi uja amabwerera. Volteji ya batire lomwe langokhala, losatchajidwa komanso losakokedwa moto, imatsata mphamvu ya asidiyo. Amisiri a mabatire amadzi ali ndi kasamu kakale: pa kulemera kwa asidi komwe haidiromita, chida choyezera asidiyo, yaonetsa mumawonjezera 0.84, ndipo mwapeza volteji ya kachipinda kamodzi. Asidi wa 1.265 amapereka 2.105V, kuchulukitsa ka 6 ndi 12.63V, ndilo batire lamadzi lodzaza. Asidi akasuluka kufika pa 1.120, yankho ndi 11.76V, batire lopanda kanthu. Lanulo ndi lotseka, haidiromita simungailowetse, komanso asidi wake amakhala wolimbirapo, choncho manambala ake amakwera pang'ono. Kwa batire la jelo lopumula, 12.85V ndi lodzaza, 12.55V ndi cha m'ma 75%, 12.25V ndi theka, 12.0V ndi cha m'ma 25%, ndipo 11.8V ndiye kuti latheratu. Manambalawa amasiyana pang'ono kampani ndi kampani. Ngati pepala la batire lanu likadalipo, tsatirani a papepalapo.

Taonani kufupika kwa mtundawo. Kuchoka podzaza kufika potheratu ndi voliti imodzi yokha, ndiye 0.1V iliyonse ikuimira pafupifupi 10%. Inveta yanu imaonetsa nambala imodzi yokha kumanja kwa kadontho, kutanthauza kuti 11.9 akhoza kukhala 11.86 kapena 11.94, tisanafunse n'komwe ngati invetayo imayeza molondola. Malitimita, chida cha m'manja choyezera volteji, nayo imaphonya: zotsika mtengo zambiri zimalembedwa kuti zikhoza kuphonya ndi 0.5% kuphatikizapo manambala awiri akumapeto. Pa 12.5V, zimenezo ndi 0.08V, pafupifupi 8% ya batire. Ndipo malitimita yomwe kabatire kake ka 9V kafooka nthawi zambiri imawerenga mokweza. Mukaona kachizindikiro ka batire pa galasi lake, sinthani kaye musanayeze chilichonse.

Koma chosokoneza chachikulu si chida. Ndi chakuti manambala onse aja ndi a batire lopumula, ndipo batire la panyumba silipuma. Mukamakoka moto, asidi wa pafupi ndi mapuleti amatha msanga kuposa mmene wa patali akufikira, komanso batire lili ndi kukana kwake kwa mkati, choncho volteji imatsika kuposa tchaji yeniyeni. Firiji yanu ikamayenda kudzera pa inveta, pamodzi ndi mababu, tinene kuti batire likutulutsa 8A. Pa batire la 200Ah lokalambako, zimenezi zimatha kutsitsa volteji ndi 0.15V mpaka 0.25V. Mawaya nawo amadyako. Waya wa mkuwa wa 16mm², mamita awiri kupita ndi awiri kubwera, amataya 0.035V pa 8A, zomwe si zambiri, koma pa 40A amataya 0.18V, ndipo mutu wa batire ukachita dzimbiri kapena nati ikakhwefuka amataya zoposa pamenepo. N'chifukwa chake inveta imakonda kulira pa nthawi yomwe injini ya firiji ikudzuka: kwa kamphindi imakoka maampu ochuluka kangapo, volteji n'kugwera pansi pa malire. Tikabwezera zotayikazi pa 11.9V yanu, batire litati lipumule lingaonetse cha m'ma 12.1V, ndiye 35% kapena kuposerapo pang'ono. Munthu wongoyerekeza 11.9V ndi manambala a batire lopumula aja angati batire latsala ndi 12%, ndipo pamenepo akhala kuti wanamizidwa ndi volteji.

Masana bodza limatembenuka. Batire lomwe langochotsedwa pa tchaji limaonetsa 13V kapena kuposa, ngakhale lisanadzaze, chifukwa asidi wolimba waunjikana pankhope pa mapuleti ndipo sanasakanikirane ndi wina. Zimatenga maola kuti zikhazikike. Maola anayi ndiwo ochepetsetsa omwe ine ndimavomera, usiku wonse ndi bwino, ndipo jelo amachedwa kuposa lamadzi chifukwa asidi wake sayenda momasuka. Anthu ambiri amaona 12.9V dzuwa litangolowa n'kukagona mtima uli m'malo, pakati pa usiku inveta n'kuzima.

Pali chinanso chomwe volteji siingakuuzeni ngakhale mutayeza ndi chida chamtengo wapatali. Imanena gawo la zomwe batire likutha kusunga lero, osati kuchuluka kwa maampu-awa. Batire lomwe linali la 200Ah, n'kukalamba kufika pa 100Ah, likadzaza lidzaonetsabe volteji yoyandikira ya lodzaza. Ubwino wake ndi umodzi, koma ndi waukulu: kulakwa kwa volteji sikuunjikana. Mukayeza lero n'kuphonya ndi 10%, mawa simuyambira pa kuphonya kwa lero.

Shanti, yomwe ndi mbali ya monita yanu yodutsapo moto, imagwira ntchito mwa njira ina kotheratu. Kachitsulo kamene kali pakati pa mabawuti ake awiri kali ndi kukana kochepetsetsa kodziwika bwino. Pa shanti ya 500A/50mV, maampu 500 akamadutsa, mbali ziwirizo zimasiyana ndi 50mV, ndiye ampu imodzi ndi 0.1mV. Monita imayeza kusiyanako mosalekeza, n'kuchulukitsa maampu ndi nthawi, n'kumachotsera kapena kuwonjezera pa nambala yomwe inayambira. M'batiremo siionamo. Ili ngati mlembi wa banki m'khonde yemwe amalemba ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka koma sanatsegulepo bokosi. Buku lake limakhala loona pokhapokha ngati nambala yoyambira inali yoona, ndipo palibe amene akutapa m'bokosi osadzera kwa iye. Volteji ya batire lopumula ndiko kutsegula bokosi n'kuwerenga mothamanga.

Pa inu pali mabowo atatu, ndipo loyamba mwalitchula nokha. Mababu a panja aja, ngati waya wawo wa negetivu wamangidwa pa mutu wa batire, moto wawo sudutsa pa shanti. Mababu awiri a 10W ndi 20W, pa 12V ndi pafupifupi 1.7A, kwa maola 11 a usiku wa Julayi ndi 18Ah zomwe monita siikuzidziwa. Lamulo lake ndi losavuta. Pa mutu wa negetivu wa batire pamakhala waya umodzi wokha, wopita ku bawuti ya shanti ya mbali ya batire. China chilichonse, inveta, kontirola ya sola, mababu, tchaja ya magetsi a ESCOM, chimamangidwa ku bawuti inayo. Kuti mutsimikize, madzulo yang'anani maampu pa foni, wina azimitse mababuwo. Nambala ikapanda kusintha, mwaupeza mlandu. Poti kontirola yanu imadzera pa shanti, masana monita imaona moto wobwezera 18Ah zija ukulowa n'kuuwerenga ngati phindu, choncho tsiku lililonse buku limasonyeza zambiri kuposa zomwe zilipo. Zikanakhala kuti kontirola ndiyo yazemba shanti, mukanaona zosiyana: peresenti ikanamangotsika mpaka 0 batire lili lodzaza.

Bowo lachiwiri ndilo lomwe lili ndi nkhani, ndipo chandiululira ndi 100% wa 10 koloko uja. Popeza kuwerengera kulikonse kumaphonya pang'onopang'ono, monita imafunika kumadzikonza, ndipo malo okhawo omwe ingatsimikize ndi pomwe batire ladzaza. Imadziwa bwanji kuti ladzaza? Imayang'ana zinthu zitatu nthawi imodzi, zomwe mu VictronConnect, pulogalamu ya pa foni ya monitayi, zalembedwa kuti Charged voltage, Tail current ndi Charged detection time. Volteji ikakwera kuposa nambala yoyamba, maampu olowa n'kutsika kuposa yachiwiri, zimenezi n'kukhala choncho kwa nthawi yachitatuyo, monita imafufuta zonse n'kulemba 100%. Maganizo ake ndi oona: batire la mtovu likamadzaza limayamba kukana moto, maampu amatsika okha volteji ili pamwamba. Vuto ndi manambala omwe chidacho chimabwera nawo, omwe pa 12V amakhala 13.2V, 4% ndi mphindi 3. Anaikidwa moganizira tchaja yokhazikika, yomwe maampu ake amatsika pokhapokha batire likakhuta.

Dzuwa silichita choncho, makamaka kwanuko nyengo ya chiperoni. Pa batire la 200Ah, 4% ndi 8A. Cha m'ma 9 koloko mapanelo akankha volteji kufika pa 13.3V, mtambo wabwera, maampu olowa m'batire atsika kufika pa 6A, koma volteji siigwa msanga chifukwa cha asidi wa pankhope uja. Mphindi zitatu zikatha, monita yalemba 100%, pomwe maampuwo atsika chifukwa cha mtambo, osati kukhuta. Ndipo batire likamakalamba, volteji yake imakwera msanga ndi moto wochepa, choncho msamphawu umagwira mosavuta chaka ndi chaka. Masamu akukanira okha. Kuchoka pa 78% kufika pa 100% pamafunika 44Ah, ndi zowonjezera pang'ono zotayika. Mapanelo a 400W, dzuwa lili paliwombo kopanda mtambo, sapitirira 28A. M'mawa wa Julayi, firiji itatengako gawo lake, kupeza 8A kwa maola atatu ndi theka ndi mwayi, ndipo zimenezo ndi 28Ah basi. Mawa m'mawa khalani ndi foni kuyambira 8 koloko. Mudzaona peresenti ikukwera pang'onopang'ono, 84, 86, 88, kenako n'kudumpha kufika pa 100. Monita yokonzedwa bwino imadumpha ndi 2% kapena 3% yokha. Kudumpha kwa 10% kapena kuposa ndi umboni wakuti china chalakwika.

Tsiku la dzuwa labwino bodzali silipweteka kwambiri, chifukwa masana batire limapitiriza kutchaja mpaka kudzazadi. Koma kukachita mitambo masiku anayi otsatizana, tsiku lililonse limasiya ngongole, monita n'kumaifufuta m'mawa uliwonse. Inu mumaona 100% n'kuyatsa wayilesi yakanema mosadandaula, pomwe batire likugona ndi njala, salufeti n'kumauma pa mapuleti.

Zimenezi ndizo zikutifikitsa pa bowo lachitatu. Mu Battery capacity mmisiri analemba 200, nambala ya pa chikwangwani cha batire latsopano. Batire la jelo lomwe lagwira ntchito usiku uliwonse kwa zaka ziwiri ndi theka, nthawi zina osadzaza, sindingadabwe litatsala ndi 150Ah. Monita siidziwa zimenezi ndipo siizisintha yokha. Onaninso pa chikwangwanicho ngati 200Ah yalembedwa ndi C10, C20 kapena C100. Monitayi imafuna nambala ya C20, ya kutulutsa moto kwa maola 20. Nambala ya C100 imakhala yaikulu kuposa ya C20 pa batire lomwelo, ndipo ogulitsa ena amaikonda pa chifukwa chomwecho.

Tsopano tiphatikize. Manambala awiri pano ndi ongoyerekeza, 150Ah ndi 80%, ndipo mudzawayeza nokha. Batire losunga 150Ah lalowa usiku lili pa 80%, monita ikuti 100%.

```
150Ah x 0.80       = 120Ah
120Ah - 44Ah - 18Ah = 58Ah
58Ah / 150Ah        = 39%
```

Monita inaona 44Ah zokha pa 200Ah n'kunena kuti 78%. Zenizeni ndi 39%, zomwe zikugwirizana ndi 12.1V ija tinapeza titakonza volteji. Njira ziwiri zosiyana zikafika pafupifupi pamalo amodzi chonchi, ine ndimayamba kukhulupirira.

Pali tizolakwa tina ta shanti tomwe pa inu si tatikulu koma timaonekera batire likakhala masabata osadzaza. Charge efficiency factor imabwera ili pa 95%, kutanthauza kuti pa 100Ah zolowa monita imawerenga 95. Batire lenileni silikhala ndi nambala imodzi: likakhala pansi limalandira pafupifupi zonse, likayandikira kudzaza limataya zambiri mu kutentha ndi mpweya. Ngati lanu limasunga 88% monita ikuganiza 95%, pa 65Ah za tsiku limodzi kusiyana ndi 4.5Ah, ndipo pa masiku khumi ndi 45Ah. Current threshold imabwera ili pa 0.10A, ndipo moto wocheperapo imauyesa ziro. Kachipangizo kodya 0.09A usana ndi usiku kamatha 2Ah patsiku mosaoneka. Musaiwale kuti 0.1A pa shanti yanu ndi 0.01mV, kanthu kochepa kwambiri moti ziro wa monita akasuntha pang'ono, kuwerengera konse kumapendekeka. Ndiye pali Peukert exponent, yochokera kwa Wilhelm Peukert wa ku Jeremani yemwe mu 1897 anaonetsa kuti batire la mtovu likakokedwa mwamphamvu limapereka zochepa. Ndi nambala ya 1.25 yomwe monita imabwera nayo, batire la 200Ah limapereka 10A kwa maola 20, koma 20A kwa maola 8.4 okha, ndiye 168Ah. Kwa nyumba yokoka maampu ochepa ngati yanu, isiyeni mmene ilili pokhapokha pepala la batire litanena zina.

Chochita ndi ichi, ndipo dongosolo lake musalisinthe. Yambani ndi mawaya. Zimitsani inveta, chotsani mapanelo pa kontirola, kenako mugwire za batire. Kontirola zina zimapsa zikasiyidwa ndi mapanelo popanda batire. Sipanala isakhudze mitu iwiri nthawi imodzi, ndipo vulani wotchi ndi mphete. Samutsani negetivu ya mababu ipite mbali ya inveta, ndipo onetsetsani kuti pozetivu yawo ili ndi fyuzi. Zonse zikadali zozima, foni iyenera kuonetsa 0.00A. Ikaonetsa zina, chotsani mawaya onse mbali ya inveta kuti mutsimikize kuti palibedi chikudutsa, kenako mugwiritse ntchito Zero current calibration. Mukachita zimenezi moto wina ukudutsa, mwaiphunzitsa bodza latsopano.

Kenako konzani za kudzaza. Yang'anani mu kontirola volteji yomwe imagwiritsitsa batire likamamaliza kutchaja, yolembedwa kuti Absorption. Kwa jelo imakhala pakati pa 14.1V ndi 14.4V. Ngati ili 14.2V, ikani Charged voltage pa 14.0V, Tail current pa 2%, ndipo nthawi muisiye pa mphindi 3 kapena muikweze kufika pa 5. Mtambo tsopano sungainamize, chifukwa dzuwa likachepa volteji imagwa pansi pa 14.0V nthawi yomweyo. Chenjezo ndi lakuti mukathina kwambiri, monita siidzafikanso pa 100%, chifukwa kontirola idzatsikira ku Float, volteji yotsikirapo yongosunga batire, maampu asanafike pa 4A. Mukaona kontirola ikumaliza bwino tsiku ndi tsiku koma monita ikukakamira pa 96%, kwezani Tail current kufika pa 3%, kapena talikitsani nthawi ya Absorption ngati ndi yaifupi.

Chachitatu, lidzazeni batire zenizeni, kamodzi. Sankhani tsiku la dzuwa, zimitsani firiji ndi zonse kuyambira m'mawa, kapena bwerekani tchaja ngati kwanuko magetsi alipo. Batire lomwe lakhala ndi ngongole likhoza kufuna masiku awiri. Ladzaza pomwe volteji ili pa 14.2V, dzuwa lilipo, ndipo maampu atsika kufika pa 2A mpaka 4A n'kusiya kutsika kwa ola lathunthu. Pamenepo monita idzadzikonza yokha, apo ayi dinani Synchronise.

Tsopano mukhoza kuyeza kukula kwenikweni kwa batire, ndipo apa ndi pomwe zida ziwirizi zimathandizana. Usiku woyamba lisiyeni lipume lodzaza, chilichonse chozima, m'bandakucha muyeze ndi malitimita pa mitu ya batire penipeni, osati pa mawaya. Tinene kuti mwapeza 12.85V. Dzuwa likatuluka lisiyeni litchaje mwachizolowezi. Madzulo ake yatsani zinthu zokoka pafupifupi 10A, ndipo musayang'ane peresenti, yang'anani Consumed Ah. Ikafika pa 60Ah, cha m'ma 11 koloko kapena 12 koloko usiku, zimitsani zonse, inveta yomwe, chifukwa ngakhale isakuyendetsa kanthu imadya ampu imodzi kapena kuposa. Ngati volteji yagwa pansi pa 11.8V musanafike pa 60Ah, lekani pomwepo, yankho mwalipeza kale: batire lafooka kwambiri. Kawaya kakang'ono kofiira ka monita musakachotse, kamadya moto wosawerengeka ndipo mukakachotsa monita ikhoza kuiwala pomwe inali. M'bandakucha, kuwala kusanafike pa mapanelo, yezaninso ndi malitimita yomweyo.

Batire likanakhala la 200Ah, 60Ah ndi 30%, ndiye mukanapeza cha m'ma 12.5V. Mukapeza 12.37V, batire lili pa 60%, kutanthauza kuti 60Ah zadya 40%, ndipo 60 kugawa ndi 0.40 ndi 150Ah. Imeneyo ndiyo nambala yolemba mu Battery capacity. Koma musaitenge ngati ya pa sikelo. Kuphonya kwa 0.05V kokha kumasuntha peresenti ndi 4, ndiye yankho likhoza kukhala paliponse pakati pa 136Ah ndi 167Ah. Kugwiritsa ntchito malitimita imodzi pa miyeso yonse iwiri kumachepetsa vutoli, chifukwa ngati imakweza, imakweza konsekonse, ndipo inu mumayang'ana kusiyana kwake, 0.48V pa chitsanzo chathuchi. Mukakayikira, lembani nambala yotsikirapo. Monita yokuopsezani msanga siiononga batire. Kuyezaku kubwerezeni kawiri pachaka, ndipo dziwani kuti mu Julayi batire limapereka zochepa pang'ono kuposa mu Okutobala, chifukwa manambala a kampani amayezedwa pa 20°C kapena 25°C ndipo kuzizira kumachepetsa zomwe batire lingatulutse.

Mukakonza zonsezi, pa zochita za tsiku ndi tsiku khulupirirani monita, chifukwa ndi yokhayo yomwe ingakuuzeni kanthu firiji ikuyenda kapena dzuwa likutchaja. Kukhulupirika kwake kumatengera masiku omwe apita chidzazire batire zenizeni. Tsiku limodzi kapena awiri, ikhoza kuphonya ndi maperesenti ochepa. Sabata ziwiri, musaidalire. Mu History muli mzere wa Last full charge wokuuzani nthawi imeneyo, ndipo kwa batire la mtovu ndimauona wofunika kuposa peresenti yomwe, chifukwa batire lotere likuyenera kudzaza kwathunthu kamodzi pa sabata ngakhale nyengo itavuta. Kamodzi pamwezi lipumitseni maola anayi kapena asanu m'bandakucha n'kuyerekeza ziwirizi. Zikasiyana ndi 10% kapena kucheperapo, zisiyeni, volteji siingathe kuweruza molondola kuposa pamenepo. Zikasiyana ndi 20% kapena kuposa, volteji ya batire lopumula ndiyo ili pafupi ndi zoona, ndipo kafufuzeni monita.

Batireli likadzatha, mwina mwana wanu adzakuuzani za lifiyamu, la mtundu wa LiFePO4. Pamenepo kuyerekezaku kudzasintha. Batire limenelo likapuma limaonetsa pakati pa 13.0V ndi 13.3V kuyambira cha m'ma 20% mpaka cha m'ma 90%, ndiye 70% ya tchaji yapanikizana mu 0.3V. Malitimita yophonya ndi 0.08V ikhoza kukusocheretsani ndi 20% kapena kuposa, ndipo volteji yake imasiyananso pang'ono kutengera ngati batire linali kutchajidwa kapena kukokedwa lisanapume. Volteji imanena zomveka kumapeto kokha, likadzaza kapena likatsala pang'ono kutha. Shanti ndiyo imachita bwino pa lifiyamu, chifukwa pafupifupi moto wonse wolowa umasungidwa. Shanti yanu yomweyo idzagwira ntchito, mudzangosintha Charge efficiency factor kukhala 99%, Peukert exponent kukhala 1.05, ndi Charged voltage kutsatira pepala la batirelo. Koma popeza simudzakhalanso ndi volteji yoti ikudzudzuleni pakati, waya umodzi wozemba shanti ngati wa mababu anuwo udzakubisirani vuto mpaka usiku womwe batire lidzadzizimitse lokha foni ikuonetsa 40%.